Maseva Awiri Akamalamula Nthawi Imodzi: Ubongo Wogawikana ndi Tokeni Yotchinga

Makampani amene amasunga ndalama, maina kapena katundu wa anthu pa makompyuta sadalira makina amodzi okha. Amakhala ndi seva yotsogolera, yomwe ndi yokhayo yololedwa kulemba zinthu zatsopano m'detabesi, ndipo pambali pake amaika ina yodikira, yomwe imangokopera zonse zimene yotsogolerayo yalemba. Yotsogolera ikawonongeka, yodikira ija imakwezedwa n'kutenga udindo, kawirikawiri pa masekondi ochepa komanso popanda munthu kukhudza batani. Kusinthana udindo kumeneku akatswiri amakutchula kuti feyilova. Cholinga chake n'chakuti ntchito isaime, koma m'kati mwa njira yomweyi ndi momwe mumabadwira vuto lina loopsa kuposa kuima kwa ntchito. Seva yakale ikhoza kukhala kuti sinafe, ndipo imapitiriza kulemba pamene yatsopano nayonso yayamba kulemba. Vutoli limatchedwa ubongo wogawikana, chifukwa dongosolo limodzi limakhala ndi mitu iwiri, uliwonse ukudziona kuti ndi umene ukulamula.

Chiyambi cha vutoli

Seva yodikira ilibe maso oonera mnzake. Imadziwa kuti yotsogolera ili moyo chifukwa cha kauthenga kakang'ono kamene kamabwera pafupipafupi, mwina sekondi iliyonse, kongonena kuti "ndilipo". Kauthengako kakasowa kwa nthawi imene anaikiratu, tinene masekondi 10, yodikira imagamula kuti mnzake wafa. Koma kukhala chete kuli ndi zifukwa zambiri. Mwina makinawo azimadi. Mwina chingwe cha pakati pa maseva awiriwo chaduka, pamene makasitomala akuifikirabe yotsogolera kudzera njira ina. Mwinanso makinawo angoima kaye chifukwa chotanganidwa, ndipo adzuka posachedwa. Kwa amene akudikira uthenga, zifukwa zonsezi zimaoneka chimodzimodzi, ndipo palibe luso lililonse limene lingazisiyanitse motsimikiza pongomvetsera pa netiweki. Kutalikitsa nthawi yodikira kumachepetsa mwayi wolakwitsa, koma kumatalikitsanso nthawi imene makasitomala amakhala osathandizidwa seva ikafadi.

Zimene zinachitikira GitHub, kampani ya ku America yosungira anthu mapulogalamu, pa 21 Okutobala 2018 zikuonetsa kukula kwa nkhaniyi. Amisiri ankasintha chipangizo china cha netiweki chimene chinayamba kuvuta, ndipo malo awo aakulu a maseva kum'mawa kwa dzikolo anadukana ndi malo ena kwa masekondi 43 okha. Pa masekondi amenewo pulogalamu yoyang'anira maseva, yotchedwa Orchestrator, inakweza maseva a MySQL a kumadzulo kukhala otsogolera. Tsoka lake linali lakuti a kum'mawa anali atalandira kale zolemba zina zimene zinali zisanakoperedwe kumadzulo. Netiweki itabwerera, mbali iliyonse inali ndi zinthu zimene inzake inalibe, moti kubwerera msangamsanga kum'mawa kukanataya zolemba za anthu. Kampaniyo inasankha kuteteza deta ngakhale ntchito ichedwe, ndipo zinatenga maola 24 ndi mphindi 11 kuti zonse zibwerere mwakale.

Njira yoyamba yodzitetezera ndi mavoti. M'malo mwa maseva awiri amaika atatu kapena asanu, ndipo palibe imene imakhala yotsogolera popanda kuvomerezedwa ndi oposa theka. Pa maseva atatu pamafunika mavoti awiri, pa asanu pamafunika atatu. Netiweki ikagawika, mbali imodzi yokha ndi imene ingakhale ndi mavoti okwanira, motero sizingatheke kuti pa chisankho chimodzi patuluke atsogoleri awiri. Izi n'zothandiza kwambiri, koma zimasiya mpata umodzi. Mavoti amatsimikiza amene wasankhidwa kumene, koma sauza mtsogoleri wakale kuti wachotsedwa, chifukwa uthenga womuuzawo uyenera kudutsa pa netiweki yomwe yadukayo.

Loko wa makompyuta ambiri

Mpata umenewu umaoneka bwino tikayang'ana loko. Mapulogalamu angapo akamagwira ntchito pa chinthu chimodzi, monga fayilo kapena akaunti, amagwirizana kuti aliyense ayambe watenga loko asanakhudze chinthucho. Lokoyo amasungidwa pa makina apadera, monga ZooKeeper kapena etcd, ndipo amaperekedwa kwa wopempha mmodzi pa nthawi imodzi. Popeza wotenga loko akhoza kufa asanabweze, lokoyo amaperekedwa mobwereketsa kwa nthawi yoikika. Wogwira loko ayenera kumawonjezera nthawiyo isanathe, apo ayi lokoyo amamasuka n'kupatsidwa kwa wina. Ganizo la kubwereketsa kotereku analifotokoza Cary Gray ndi David Cheriton m'chaka cha 1989, ndipo likugwirabe ntchito m'madongosolo ambiri. Utsogoleri wa seva nawonso ndi loko wa mtundu womwewu, kungoti amateteza detabesi yonse.

Chitsanzo chongoyerekeza chingathandize kuona pamene zinthu zimasokonekera. Mu akaunti ina muli K50,000. Seva A yatenga loko wa masekondi 10 kuti ichotsemo K20,000. Yawerenga ndalama zimene zilimo, yachita masamu, ndipo yakonzeka kulemba kuti zatsala K30,000. Pa sekondi yachiwiri, isanatumize zolembazo, yaima chilili kwa masekondi 15.

Kuima kotere si kwachilendo. Mapulogalamu olembedwa m'zilankhulo ngati Java amakhala ndi nthawi yosesa zinthu zosafunikanso m'memore, ndipo nthawi zina kusesako kumaimitsa ntchito zina zonse. Makina ambiri masiku ano amakhala m'kati mwa makina ena aakulu, ndipo akhoza kuimitsidwa kwa kanthawi powasamutsa. Disiki nayo ikhoza kuchedwa kuyankha. Chofunika kumvetsa n'chakuti pulogalamu yoimitsidwa siidziwa kuti inaima. Ili ngati kapitawo amene anagona tulo tofa nato pa ntchito, ndipo podzuka akupitiriza kupereka malamulo osadziwa kuti abwana aika kale munthu wina pa udindowo.

Pa sekondi ya 10 loko uja watha nthawi. Pa sekondi ya 11 seva B yamutenga kuti ilowetse K40,000 zimene mwini akaunti watumiziridwa. Yawerenga K50,000, popeza A sinalembe kalikonse, ndipo yalemba K90,000. Pa sekondi ya 17 A yadzuka n'kumaliza zimene inasiya: yalemba K30,000 pamwamba pa K90,000 zija. Ndalama zoyenera kukhalamo zinali K70,000, koma K40,000 zasowa, ndipo palibe makina amene aonetsa chizindikiro cha vuto. Wosunga loko sanalakwitse, chifukwa sanapereke loko kwa awiri pa nthawi imodzi. Seva B inatsata malamulo onse, ndipo A nayo inachita zimene inalembedwa kuti izichita.

Munthu angaganize kuti mankhwala ake ndi osavuta: A iziyang'ana wotchi isanalembe, ndipo ikapeza kuti nthawi yatha izisiya. Zimenezi zimachepetsa ngozi koma siziithetsa. Kuima kuja kukhoza kuchitika itangoyang'ana kumene wotchi, pakati pa kuyang'anako ndi kulemba. Ngakhale isaime n'komwe, uthenga wake ukhoza kunyamuka loko akadali m'manja mwake, n'kuchedwa m'njira, n'kukafika B italemba kale. Wotumiza alibe mphamvu pa uthenga umene wachoka kale m'manja mwake. Choncho chitetezo chenicheni sichingakhale mwa wolemba, koma pa malo pamene zolembazo zimafikira.

Mmene tokeni yotchinga imagwirira ntchito

Tokeni yotchinga ndi nambala chabe, koma ili ndi lamulo limodzi lolimba: nthawi iliyonse imene loko waperekedwa kwa wina, nambalayo imakwera, ndipo siibwereranso m'mbuyo. Wotenga loko amalandira nambala yake, ndipo amaiphatikiza ku uthenga uliwonse umene akutumiza ku malo osungira deta. Malo osungirawo amakumbukira nambala yaikulu kwambiri imene anaionapo, ndipo amakana uthenga uliwonse wobwera ndi nambala yocheperapo.

M'chitsanzo chija, A inatenga loko ndi tokeni 71, ndipo B inamutenga ndi tokeni 72. B italemba K90,000, detabesi inasunganso nambala 72 pambali pa ndalamazo. Pa sekondi ya 17 A ikubwera ndi lamulo ili:

```sql
UPDATE akaunti
SET ndalama = 30000, tokeni = 71
WHERE nambala = 905 AND tokeni <= 71;
```

Mawu a mzere womaliza akutanthauza kuti kusinthaku kuchitike pokhapokha ngati tokeni yosungidwa kale siiposa 71. Popeza yosungidwayo ndi 72, palibe mzere umene wasinthidwa, ndipo detabesi ya PostgreSQL imayankha kuti `UPDATE 0`. Yankho limeneli ndi limene limadziwitsa A kuti udindo unachoka kale m'manja mwake. Iyenera kusiya pomwepo, osabwereza kutumiza uthenga womwewo. Ntchito yochotsa K20,000 imayambidwanso mwatsopano ndi amene atenge loko pambuyo pake, ndi tokeni 73: awerenga K90,000 n'kulemba K70,000.

Ubwino wa njirayi ndi wakuti siidalira wotchi ya aliyense, ndipo siifuna kuti A idziwe chilichonse. A ikhoza kukhulupirira ndi mtima wonse kuti ikadali ndi loko, koma chikhulupiriro chakecho sichingawononge kanthu. Detabesi nayo siifunika kufunsa wosunga loko kuti mwini wake ndi ndani pakali pano. Imangoyerekeza manambala awiri.

Pali mfundo ina yaing'ono imene ambiri amaiphonya, ndipo ndi imene imasiyanitsa dongosolo lotetezekadi ndi longooneka lotetezeka. Detabesi imadziwa za tokeni 72 pokhapokha B ikaionetsa. Tiyerekeze kuti A inadzuka msanga, B itawerenga kale K50,000 koma isanalembe. Pa nthawiyo nambala yaikulu imene detabesi ikuidziwa siiposa 71, choncho zolemba za A zimalandiridwa, ndipo mu akaunti mumakhala K30,000. Kenako B imalemba K90,000 motengera zimene inawerenga kale, ndipo tokeni yake, pokhala yaikulu, imadutsa popanda vuto. Tsopano K20,000 zimene zinachotsedwa zabwereramo molakwika. Pofuna kupewa zimenezi, wotenga loko ayenera kuyamba wadinda nambala yake pa detabesi asanawerenge chilichonse:

```sql
UPDATE akaunti
SET tokeni = 72
WHERE nambala = 905 AND tokeni < 72;
```

Kuchokera pa mphindi imeneyo khomo latsekeka kwa onse a manambala ang'onoang'ono. Ngati zolemba za A zinafika chidindocho chisanachitike, B idzaziona powerenga, ndipo masamu ake adzakhala olondola. Ngati zafika pambuyo pake, zidzakanidwa. Mtsogoleri watsopano aliyense ayenera kutsata ndondomeko yomweyi: kutseka khomo choyamba, kenako kuwerenga, n'kumaliza ndi kulemba.

Zinthu ziwiri zina ziyenera kusamalidwa ku malo osungira. Kuyerekeza nambala ndi kulemba ziyenera kuchitika ngati ntchito imodzi yosadukiza, monga zilili m'lamulo la pamwambali. Zikachitika padera, mpata uja umatsegukanso pakati pa ziwirizo. Komanso nambala yaikulu ija iyenera kulembedwa pa disiki, chifukwa ikangosungidwa m'memore, makinawo akazima n'kuyakanso amaiwala ndipo amalandira aliyense.

Kumene nambalayo imachokera

Tokeni ndi yodalirika molingana ndi amene akuipereka. Wosunga loko nayenso ndi makina amene angawonongeke n'kulowedwa m'malo, ndipo ngati wolowa m'maloyo angaperekenso nambala 72 kachiwiri, chitetezo chonse chimagwa. N'chifukwa chake nambalazi zimatengedwa ku madongosolo amene salengeza chilichonse chisanalembedwe pa maseva oposa theka. Mu ZooKeeper kusintha kulikonse kumapatsidwa nambala yokwera yotchedwa `zxid`, ndipo mu etcd nambala yofanana nayo ndi `revision`. Nthawi ya pa wotchi siiyenera kugwiritsidwa ntchito ngati tokeni, chifukwa mawotchi a makina awiri amasiyana, ndipo wotchi imodzi ikhoza kubwezedwa m'mbuyo poikonza.

Ganizoli si latsopano. M'chaka cha 2006 Mike Burrows anafotokoza za Chubby, dongosolo la maloko la kampani ya Google, ndipo m'menemo wogwira loko ankatha kupempha chizindikiro chokhala ndi dzina la loko ndi nambala ya m'badwo wake, kuti malo osungira azichiyesa. Njira yosankhira mtsogoleri ya Raft imawerenga nyengo za utsogoleri ndi nambala yokwera, ndipo seva ikalandira uthenga wa nyengo yakale imaukana. Kafka nayo imachita chimodzimodzi ndi atsogoleri ake. Maina ndi osiyana, koma mfundo yake ndi imodzi.

Nkhaniyi inatchuka kwambiri mu 2016, pamene Martin Kleppmann, wofufuza wa pa yunivesite ya Cambridge, anatsutsa njira ya maloko yotchedwa Redlock, imene imagwiritsa ntchito maseva angapo a Redis. Mfundo yake ina inali yakuti njirayo imapatsa wogwira loko chizindikiro chosankhidwa mwachisawawa, chomwe chimasiyanitsa eni loko koma sichinena amene anabwera pambuyo pa mnzake. Salvatore Sanfilippo, amene anapanga Redis, anayankha poteteza njira yakeyo, ndipo mtsutsowo unathandiza anthu kusiyanitsa zolinga ziwiri za loko. Pali loko wongopewetsa kubwereza ntchito, monga kuwerengetsera lipoti lomwelo kawiri, ndipo loko wotere akalephera mwa apo ndi apo chotayika ndi nthawi chabe. Palinso loko woteteza kulondola kwa deta, amene akalephera kamodzi ndalama kapena fayilo zimawonongeka. Wachiwiriyu sayenera kudaliridwa popanda tokeni.

Malire ake

Malire aakulu a tokeni ndi akuti imagwira ntchito pokhapokha wolandira uthenga akaiyesa. Ngati ntchito ya wogwira loko ndi kutumiza uthenga wa pa foni kwa kasitomala, kapena kulamula kampani ina kuti ilipire ndalama, mbali inayo siidziwa za manambala amenewa, ndipo seva yakale ikhoza kutumizabe. Pamenepa amagwiritsa ntchito njira ina: ntchito iliyonse imapatsidwa nambala yakeyake yosasintha, kuti wolandira akaiona kachiwiri aziinyalanyaza. Chubby inali ndi njira yothandizira malo osungira osadziwa kuyesa zizindikiro, yomwe inali kuchedwetsa kupereka loko wotayika kwa nthawi yosapitirira mphindi imodzi. Kuchedwetsa kotere kumachepetsa ngozi, koma kumadalirabe chiyembekezo chakuti palibe uthenga umene ungachedwe kuposa pamenepo.

Palinso njira yakale yotchingira seva yonse poizimitsa. Yatsopano isanatenge udindo, imalamula chipangizo cha magetsi kuti chizimitse yakaleyo, ndipo njirayi imadziwika ndi dzina lakuti STONITH. Imathandiza pamene malo osungira sangayese tokeni, koma lamulo lozimitsalo limadutsanso pa netiweki. Mu Disembala 2012 netiweki ya GitHub inasokonekera, maseva awiriawiri osunga mafayilo anatumizirana malamulo ozimitsana, ndipo malamulo ena sanafike pa nthawi yake. Ena mwa maseva apawiriwo anakhala onse akudziona ngati otsogolera, ndipo netiweki itabwerera anazimitsana onse awiri. Lamulo lofunika pa njirayi n'lakuti yatsopano isayambe ntchito isanalandire chitsimikizo chakuti yakale yazimadi.

Tokeni siibwezanso zimene zinalembedwa movomerezeka koma sizinakoperedwe. Zolemba zimene zinatsala kum'mawa pa ngozi ya 2018 zinalandiridwa ndi maseva amene anali otsogolera, ndipo vuto linali lakuti kumadzulo kunalibe kope lake. Chothetsa zimenezi ndi kusamuuza kasitomala kuti zatheka kufikira seva yodikira itatsimikiza kuti nayo yalandira. Mtengo wake ndi liwiro, chifukwa kulemba kulikonse kumadikira ulendo wopita ndi kubwera pakati pa malo awiriwo, ndipo malowo akatalikirana kuchedwako kumamveka.

Kuzindikira ndi kuyesa

Ubongo wogawikana suchita phokoso, choncho umafunika kuufufuza mwadala. Pa PostgreSQL funso ili limasiyanitsa seva yotsogolera ndi yodikira:

```sql
SELECT pg_is_in_recovery();
```

Yodikira imayankha `t`, yotsogolera imayankha `f`. Maseva awiri a gulu limodzi akayankha `f` pa nthawi imodzi, ndiye kuti pali mitu iwiri, ndipo choyamba kuchita ndi kuletsa makasitomala kulemba ku imodzi mwa izo asanayambe kufufuza chifukwa. Funsoli liyenera kufunsidwa kuchokera pa makina achitatu amene akuona mbali zonse ziwiri. Kumene kuli matokeni, zizindikiro zimapezeka m'kaundula wa zochitika. Kuchuluka kwa mauthenga okanidwa kumaonetsa kangati mtsogoleri wakale anayesa kulemba, ndipo ngati m'kaundulamo zolemba za 71 zikuoneka zolandiridwa pambuyo pa za 72, pali njira ina yolembera imene siikuyesa tokeni.

Dongosolo lotere liyenera kuyesedwa lisanapatsidwe deta yeniyeni, ndipo kuzimitsa seva sikokwanira, chifukwa seva yozima siilemba kanthu. Yofunika kuyesa ndi yoima n'kudzukanso. Pa makina a Linux, lamulo la `kill -STOP` limaimitsa pulogalamu osaipha, ndipo `kill -CONT` limaidzutsa. Woyesa amaimitsa wogwira loko ali m'kati mwa ntchito, amadikira kuti nthawi ya loko ithe ndipo wina amutenge n'kulemba, kenako amadzutsa woyamba uja. Zolemba za wodzukayo ziyenera kukanidwa, iye ayenera kusiya ntchito atalandira kukanako, ndipo ndalama za mu akaunti ziyenera kufanana ndi masamu ochitidwa pamanja. Kuyesaku kumabwerezedwa poimitsa pulogalamuyo pa malo osiyanasiyana, makamaka pakati pa kuwerenga ndi kulemba, komanso podzutsa yakaleyo yatsopano itadinda nambala yake koma isanalembe ndalama.